Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri: kope la zolakwa

Okondedwa makolo ndi nonse osunga ana a Fomu 2 ndi Fomu 4,

Ndikupatsani moni m'dzina la aphunzitsi onse a pasukulu pano. Tatseka teremu yachiwiri, ndipo mwana wanu wabwera ndi lipoti lake pamodzi ndi mapepala onse a mayeso omwe tachonga. Ndikupempheni kuti mapepalawo musakulungire zitumbuwa kapena kuyatsira mbaula. Ntchito yomwe tawapatsa ana pa tchuthi chino yagona pa mapepala amenewo, chifukwa teremu ikubwerayi ndiyo ya mayeso a MANEB, a JCE kwa a Fomu 2 ndi a MSCE kwa a Fomu 4.

Mwana akalandira pepala lake amayang'ana malikisi pamwamba, n'kulipinda, n'kuliponya m'chikwama. Madzulo mumamuona ali pa nyali akuwerenga manotsi kuyambira tsamba loyamba, ndipo mtima wanu umakhala pansi. Koma ife timaona kuti ana ambiri amabwereza mitu yomwe akuidziwa kale, chifukwa ndiyo yokoma kuwerenga, ndipo mitu yowavuta amailambalala. Pofika tsiku la mayeso amalakwa pomwe analakwa kale. N'chifukwa chake tauza mwana aliyense kuti akhale ndi kope limodzi lapadera lolembamo zolakwa zake. Kope wamba la masamba 40 likwanira, ndipo asalembemo china chilichonse.

Kalembedwe kake n'kotere. Mwana atenge pepala lochongedwa, ayambe funso loyamba lomwe anatayapo malikisi. Pamwamba alembe tsiku, phunziro ndi mutu womwe funsolo lachokera. Kenako akopere funso lonse, alembe zomwe iye anayankha monga momwe anazilembera, osakonza, ndipo pansi pake alembe njira yoyenera. Chomaliza, chomwe ndicho mtima wa ntchito yonseyi, alembe m'mawu akeake chifukwa chomwe analakwira. Chifukwacho akhoza kuchilemba m'Chichewa, palibe mphunzitsi amene adzamudzudzule.

Nachi chitsanzo cha masamu, cha mtundu womwe timaupeza chaka ndi chaka. Funso likuti mwana afupikitse 5 − 2(x − 3). Iye walemba 5 − 2x − 6, n'kupeza −2x − 1. Yankho loyenera ndi 5 − 2x + 6, zomwe zikupereka 11 − 2x. Mwana akalemba m'kope kuti “sindinasamale”, sanalembe kanthu, chifukwa mawu amenewo sangamuuze choti achite mawa. Ayenera kulemba kuti: “Pochotsa mabulaketi ndinachulukitsa −2 ndi −3 n'kupeza −6, pomwe mainasi kuchulukitsa ndi mainasi zimapereka pulasi.” Pansi pake awonjezere njira yodzigwirira yekha ulendo wina. Akaika 3 m'malo mwa x, funso lenilenilo likupereka 5, yankho lake lija likupereka −7, ndipo yankho loyenera likupereka 5. Kuyesa kotereku sikutha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo akanakuchita m'chipinda cha mayeso akanadziwa pomwepo kuti pena pake palakwika.

Funso lina likhoza kutayitsa malikisi ofanana koma chifukwa chake n'kukhala china. Tinene kuti mwana wapatsidwa seko ya dayamita ya masentimita 14 kuti apeze eriya yake, pogwiritsa ntchito π = 22/7. Fomula ya πr² akuidziwa bwinobwino, koma waika 14 m'malo mwa r n'kupeza 616. Rediyasi ndi theka la dayamita, choncho anayenera kuika 7 n'kupeza 154 cm². Mwana uyu sakusowa kuwerenganso mutu wa seko kuyambira pachiyambi. Vuto lake ndi kuthamangira kuwerengera asanamve chomwe wapatsidwa, ndipo mankhwala ake ndi kuzolowera kudula mzere kunsi kwa nambala ndi mawu ofunika m'funso asanayambe kuyankha. Atangoona chizindikiro chofiira cha mphunzitsi n'kuganiza kuti “seko imandivuta”, akhoza kutha sabata yonse akuloweza mafomula omwe akuwadziwa kale.

Apa ndipo kopeli limayamba kulankhula. Mwana akamaliza kulemba zolakwa zonse za pepala limodzi, awerengere malikisi omwe wataya pa chifukwa chilichonse. Tiyerekeze kuti wapeza 46 pa 100, ndiye kuti wataya 54. Powerengera akupeza kuti 18 apita chifukwa cha zizindikiro za mainasi ndi mabulaketi, 14 chifukwa chosamvetsa chomwe funso likufuna, 12 pa mutu wa ma ikwezhoni awiri othetsera pamodzi omwe sanaumve n'komwe m'kalasi, ndipo 10 pa mafunso akumapeto omwe nthawi inamuthera asanawafike. Poyamba mwanayu amangoti “masamu ndi ovuta”. Tsopano akuona kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi omwe anataya lapita pa lamulo limodzi lomwe likhoza kulembedwa pa mzere umodzi. Cholakwa cha mainasi chija chimabisala chifukwa chimatulukira m'mitu yosiyanasiyana, lero mu aljebura, mawa m'magirafu, ndipo malikisi amathothoka awiri apa, atatu apo. Popanda kuzilemba malo amodzi sangazindikire kuti mdani wake ndi mmodzi yemweyo. Zili ngati buku la kuchipatala lomwe mumasunga kunyumba: dokotala akalitsegula n'kuona kuti malungo abwera katatu m'miyezi yochepa, amafunsa mafunso ena omwe sakanafunsa atangoona odwala lero lokha.

Manotsi obwerezera achokere m'kuwerengera kumeneku. Sitikufuna kuti mwana akoperenso kope lonse la m'kalasi ndi dzanja labwino. Tikufuna tsamba limodzi pa mutu uliwonse mwa mitu iwiri kapena itatu yomwe yamudyera malikisi ambiri. Mwana wa m'chitsanzo chathu alembe tsamba la malamulo a zizindikiro, lokhala ndi zolakwa zake zenizeni ngati zitsanzo, kenako apeze mafunso khumi a mtundu womwewo m'buku kapena m'mapepala a mayeso akale, awayankhe. Malikisi 10 omwe anapita chifukwa cha nthawi sabwera ndi manotsi ayi. Amenewo amafuna kuti ayankhe pepala lonse wotchi ili pambali, ndipo apa inu kholo mungathandize pomusungira nthawi ndi kumuletsera omusokoneza kwa maola awiri.

Malikisi 12 a mutu womwe sanaumve aja ndiwo malire a kopeli. Kope limaloza pomwe pali dzenje, koma siliphunzitsa. Mwana yemwe sanamve mutu, mwina chifukwa anajomba sabata yomwe unaphunzitsidwa, asakopere yankho la mnzake n'kumadziona ngati wakonza. Alembe dzina la mutuwo patsamba lomaliza, abwere nalo kwa mphunzitsi wa phunzirolo. Sabata yoyamba ya teremu ikubwerayi aphunzitsi adzayang'ana masamba omaliza amenewa, ndipo mitu yomwe idzatuluke kwa ana ambiri ndiyo tidzayambe kubwereza. N'chimodzimodzinso ndi chimangirizo cha Chingerezi kapena cha Chichewa. Mwana akhoza kulemba yekha mawu omwe amawalemba molakwika ndi nthawi za aneni zomwe amasokoneza, koma kuti chimangirizo chake chikusochera pati m'maganizo, zimenezo zimafuna mphunzitsi akhale naye pansi. Chingerezi musachitenge mopepuka, pakuti popanda kuchikhoza satifiketi ya MSCE siperekedwa.

Chinthu chimodzi chomwe chimapha ntchito imeneyi ndi kulemba osabwererako. Kope lodzaza bwino lomwe silitsegulidwanso n'chimodzimodzi ndi pepala lopindidwa lija. Tawauza ana kuti funso lililonse alibwererenso patapita masiku atatu, kenako sabata, kenako mwezi. Aphimbe yankho ndi pepala, ayankhe funsolo pena, ndiyeno avundukule n'kufananitsa. Akakhoza aike chizindikiro pambali, akalakwanso ayambirenso kuwerenga masiku. Kungoyang'ana yankho n'kugwedeza mutu kuti “ndakumbukira” kumanyenga, chifukwa maso amazindikira chinthu chomwe dzanja silingathe kuchilemba palokha. Funso lomwe lapeza zizindikiro zitatu alidule mzere, lisamudyerenso nthawi. Ena amafuna kuyamba maphunziro onse tsiku limodzi, n'kutopa Lachitatu lisanafike. Ayambe ndi maphunziro awiri omwe malikisi ake ali otsika pa lipoti, ndipo mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku ndi okwanira.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu simunafike ku sekondale, ndipo mwina mukuti za x ndi mabulaketi sizikukukhudzani. Mungathe kudziwa ngati kope likugwira ntchito ngakhale simungawerengere samu imodzi. Loweruka lililonse muuzeni mwana abwere nalo, mutsegule tsamba lililonse, mumufunse kuti, “Apa unalakwa chifukwa chiyani?” Akayankha chinthu chimodzi chomveka, monga “ndinasokoneza dayamita ndi rediyasi”, zili bwino. Akamangoti “ndinaiwala” kapena “linali lovuta” patsamba lililonse, ndiye kuti wangodzaza masamba. Yang'ananinso ngati pambali pa mafunso pali zizindikiro ndi masiku osiyanasiyana. Kope loyera kwambiri, lopanda zofufutafufuta, lolembedwa lonse ndi tsiku limodzi, limandidetsa nkhawa kuposa lakuda ndi dzanja.

Pali pempho lomwe ndikulipereka ndi mtima wanga wonse. Musatenge kopeli ngati umboni womukalipira kapena kumukwapulira mwana, ndipo musalionetse kwa alendo kapena kwa abale ake pofuna kumuchititsa manyazi. Tikumupempha mwana kuti alembe ndi dzanja lake zomwe sakuzidziwa, chinthu chomwe ngakhale akuluakulu chimativuta. Akangolangidwa kamodzi chifukwa cha zomwe walembamo, adzayamba kulemba zolakwa zing'onozing'ono zokha n'kubisa zenizeni, ndipo ife tidzakhala tikubwereza mitu yolakwika. Nafenso pasukulu tagwirizana kuti kopeli silidzapatsidwa malikisi, ndipo mphunzitsi sadzaliwerenga pamaso pa kalasi.

Tchuthi chino chakumana ndi nyengo yokolola, ndipo ana ambiri adzakhala akukuthandizani kumunda. Zimenezo n'zabwino. Ndikungopempha kuti muwasiyire ola limodzi tsiku lililonse kukadali kowala, makamaka atsikana omwe ntchito za pakhomo zimawagwira mpaka mdima.

Tsiku lotsegulira lalembedwa pa lipoti. Mwana adzabwere ndi kope la zolakwa, mapepala ake a mayeso, ndi lipoti lomwe mwasainira. Kholo lomwe likufuna kuona kope lachitsanzo kapena kukambirana za mwana wake lidzandipeza ku ofesi m'mawa uliwonse sabata yotsegulirayo.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu