Makina owonongeka atsitsidwe mtengo m'mabuku

Mkonzi,

Makopaletivi aleke kulemba katundu wowonongeka pa mtengo wakale m'malipoti awo a chuma, chifukwa kutero n'kunamiza mamembala ndi mabanki omwe.

Ndimagwira ntchito yowerengera chuma kuchigwa cha Shire. Namondwe Freddy atadutsa mu 2023, ndinaona makina opunthira mpunga omwe analowa madzi. Matope anauma mumota, makinawo akugwira ntchito mokakamiza, koma m'mabuku mtengo wake sunasinthe.

Ndondomeko yapadziko lonse yowerengera chuma ya IAS 36 imati chizindikiro choti katundu watsika mtengo chikaoneka, monga kuwonongeka kapena makina kungokhala osagwira ntchito, tiyeze mitengo iwiri. Woyamba ndi ndalama zomwe tingapeze titagulitsa, kuchotsapo zolipira pogulitsapo. Wachiwiri ndi ndalama zomwe makinawo adzabweretse zaka zikubwerazi, titazibweza pa mphamvu ya ndalama ya lero. Timatenga waukulu mwa iwiriyo.

Tiyerekeze kuti m'buku muli K30 miliyoni. Kugulitsa kungatipatse K14 miliyoni, kuwagwiritsabe ntchito K18 miliyoni. Ndiye kuti makinawo alembedwe K18 miliyoni, ndipo K12 miliyoni yotsalayo ilembedwe ngati kuluza kwa chaka chomwecho. Apa ndi pomwe makomiti amazemba, poti phindu limatsika ndipo mamembala amang'ung'udza. Ena amati ndalama yochotsera kutha kwa makina chaka ndi chaka yakwanira, koma imeneyo siwerengera madzi osefukira.

Pempho langa n'loti ofufuza mabuku azipita kukawaona makinawo ndi maso asanasaine, ndipo komiti izifotokoza pamsonkhano wapachaka katundu amene wawonongeka ndi mtengo wake watsopano.

Wowerengera chuma,
Chikwawa