Lipoti la msonkhano wa ku Tete: kalata yopemphera ndalama za makatuni a kolera

A Mpando, a komiti ndi mamembala nonse, ndabwerako ku Tete kumene munandituma ku msonkhano wa magulu ophunzitsa zaumoyo m'midzi. Malisiti a shapa ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndipo amene akufuna kuona mmene alawansi inayendera akaone kumeneko. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndamva kuti ena amati ndinapita kukadya nsomba za mu Zambezi.

Zigawo zina za msonkhano sindikutayirani nazo nthawi. Panali malonje aatali, panali phunziro la kasungidwe ka mabuku a ndalama lomwe a Msungichuma athu amalidziwa kale, panalinso lina la utsogoleri lomwe theka la anthu linagona chifukwa cha kutentha. Chimene chinandipindulira ndi gawo la kalembedwe ka kalata yopempha thandizo ku mabungwe osachita malonda. Analitsogolera mayi wina amene ntchito yake ndi kuwerenga makalata otere ku bungwe lina lothandiza. Iye anapempha kuti gulu limodzi lipereke kalata yake kuti tiikonzere pamodzi, ine n'kupereka yathu ija ya makatuni. Anaisenda pamaso pa anthu onse.

Kalata yathu imayamba ndi mbiri ya gulu, chaka chimene tinayamba, masewero amene tachita ku Ulongwe ndi ku Domwe, kenaka n'kunena kuti tikufuna kupanga makatuni ophunzitsa anthu zaumoyo. Mayiyo anafunsa funso limodzi: munthu akaonera katuni yanuyo, mawa lake achite chiyani chimene dzulo samachita? Kalata yathu ilibe yankho. Tinatchulamo malungo, kolera, edzi, katemera ndi kunyentchera, zonse m'ndime imodzi. Iye anati bungwe lothandiza siligula zithunzi, limagula kusintha kumene lingathe kukuwerenga n'kukafotokoza kwa amene analipatsa ndalamazo. Kalata yotchula nkhani zisanu imaonetsa kuti olembawo sanasankhe.

Tinasankha kolera, ndipo ine ndikuti tisasinthenso. Tonse tikukumbukira 2023, pamene matendawa anafala kuno ku Mozambiki ndi ku Malawi komwe, namondwe Freddy n'kudzaonjezera mavuto m'mwezi wa Malichi. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi, ndipo zochita zake n'zooneka ndi maso, zojambulika. Mu kolera momwemo tinasankhanso chinthu chimodzi choyambira: mayi adziwe kusakaniza madzi a mchere ndi shuga pamene alibe paketi ya kuchipatala, ayambe kumwetsa wodwala, n'kunyamuka naye kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Muyeso wake ndi lita imodzi ya madzi abwino, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere.

Ndime yoyamba ya kalata tinailemba mwatsopano motere, ndipo ndikuika m'Chichewa ngakhale kuti yotumizayo idzakhala m'Chipwitikizi: "Tikupempha mametikali 90,000 kuti tipange katuni imodzi ya mphindi zitatu m'Chichewa, yophunzitsa amayi a m'boma la Angoniya kusakaniza madzi a mchere ndi shuga ndi kuthamangira kuchipatala. Tidzaionetsa m'midzi 10 mvula isanayambe, ndipo tidzakuuzani kuti ndi amayi angati amene akutha kusakaniza molondola asanaonere komanso ataonera." Ndalama, chinthu chake, anthu ake, nthawi ndi muyeso, zonse zili pamwamba. Mbiri ya gulu inatsikira kumunsi, mizere itatu basi. Kalata yonse isapitirire tsamba limodzi ndi theka, bajeti ikhale pa pepala lake.

Ndikudziwa kuti apa ena mwakwinya kale nkhope, chifukwa pa msonkhano wathu wapita tinagwirizana zopempha ndalama za magawo 6 nthawi imodzi. Ine ndinali mmodzi wa okayika tsiku lija ndipo ndabwerako ndikukayikabe. Sitinapangepo katuni ngakhale imodzi. Bungwe limene silikutidziwa silingatipatse ndalama za magawo 6 pongomva kuti timatha masewero apabwalo. Kalatayo itchule kuti magawo enawo alipo m'maganizo, a kuthira mankhwala a Certeza m'madzi akumwa, a kusamba m'manja, a chimbudzi ndi a maliro a munthu womwalira ndi kolera, koma pempho likhale la gawo loyamba. Likayenda bwino, kalata yachiwiri idzapita ndi katuni yooneka komanso manambala athuathu.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri ndi mtengo wa mphindi imodzi. Mnyamata wina wojambula makatuni anationetsa pa kompyuta yake. Kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ojambula pamanja nthawi zambiri amajambula 12, chithunzi chilichonse n'kuoneka kawiri. Mphindi zitatu ndi masekondi 180, kutanthauza zojambula 2,160. Ife tinalemba kuti gawo lililonse lidzakhala la mphindi 15 ndipo lidzatha m'mwezi umodzi! Wowerenga wodziwa ntchitoyi akangoona zimenezo amadziwa kuti sitinafunse aliyense. Njira yotsika mtengo ndi yojambula munthu kamodzi, n'kumudula ziwalo, mutu, mikono, miyendo ndi milomo ingapo, kenaka n'kumaziyendetsa pa kompyuta. Mapulogalamu ake aulere alipo, monga Synfig ndi OpenToonz. Ntchito yaikulu imakhala pa gawo loyamba, chifukwa ndi pamene amajambula anthu, mudzi, chitsime ndi chipatala. Magawo otsatira amagwiritsa ntchito zomwezo, ndiye mtengo umatsika. Mfundo imeneyi ilowe m'kalata, chifukwa ikufotokoza kuti gawo loyamba ladula bwanji.

Pa mametikali 90,000 aja, tinayerekeza kuti 55,000 ipite kwa wojambula ndi kujambula mawu, 10,000 ku kuyesa katuni isanathe, 17,000 ku kuionetsa ndi kufunsa amayi, ndipo 8,000 ku mayendetsedwe a gulu. Awa ndi manambala ongoyambira. Tisanatumize tipeze mitengo yolembedwa kuchokera kwa ojambula awiri kapena atatu, tiiphatikize ku kalatayo. Mawu tidzalankhula tokha, ndipo ntchito imeneyo tiilembe ngati chopereka cha gulu, pamodzi ndi bwalo lathu lokonzekerera.

Za kuyesa zija ndifotokoze pang'ono, poti ndi ndalama imene ena mudzafuna kuichotsa. Asanayendetse zithunzi, wojambula amaika zojambula zosayenda motsatana, n'kuikapo mawu athu, kuti nkhani ioneke mmene idzayendere. Zimenezo timakaonetsa amayi 10 kapena 15 amene si a gulu lathu. Sitiwafunsa ngati yawasangalatsa, chifukwa mwaulemu adzavomera onse. Timawapatsa botolo, sipuni, shuga ndi mchere, n'kuwauza kuti achite zimene aona. Apo ndi pamene zolakwika zimaonekera. Wojambula akajambula sipuni yosefukira kuti ioneke bwino pa foni, mayi adzathiranso yosefukira, ndipo mchere wochuluka ndi woopsa kwa mwana wotsegula m'mimba. Akajambula sipuni yaikulu yodyera phala, vuto ndi lomwelo. Botolo likakhala losadziwika kukula kwake, wina adzatenga la theka la lita. Ndipo katuniyo ikathera pamene mwana wamwa n'kumwetulira, anthu adzamva kuti kuchipatala n'kosafunika. Kukonza zimenezi pa zojambula zosayenda ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma katuni itatha ndiye kulipira kawiri.

Mayi uja ananenanso kuti kalata yopanda umboni woti a zaumoyo a boma aona uthengawo saiwerenga mpaka kumapeto. Tiyenera kupita ndi mawu a katuniyo ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, awaone ngati akugwirizana ndi malangizo a unduna wa zaumoyo wa MISAU, atipatse kalata yachidindo. Tipemphenso kuti ma APE, othandiza zaumoyo a m'midzi 10 ija, agwire nafe ntchito, chifukwa iwo ndi amene amayi amawadziwa. Pali ena m'gulu muno amene amati kupita ku maofesi n'kutaya nthawi. Kumpoto kwa dziko lino anthu anamenyedwapo chifukwa cha mphekesera zoti othira mankhwala m'zitsime ndi amene akubweretsa kolera. Ine sindikufuna kuti achinyamata athu alowe m'mudzi ndi uthenga wa kolera mfumu ndi a zaumoyo asakudziwa.

Funso lina limene tinalephera kuyankha ndi lakuti anthu adzaonera pati. Tinalemba kuti "pa intaneti", mayiyo n'kuseka. Kalata inene njira zenizeni: fayilo yaing'ono yotumizirana pa WhatsApp ndi pa Bluetooth, mamemore khadi kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pa msika, kuonetsa pa chipupa madzulo, komanso pa chipatala tsiku la sikelo. Mawu ake alembedwe moti amveke ngakhale popanda zithunzi, kuti tikapemphe wailesi ya m'dera iwaulutse. Tinganenenso kuti chinenero chathu chimamveka ku Tsangano, ku Makanga ndi kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, koma tisalonjeze kuti tidzafikako.

Kuonetsa pa chipupa kumafuna pulojekita, ndiye ndifunse pano poti pa misonkhano funsoli limangodumphidwa. Pulojekita ya gulu ili kuti? Inabwerekedwa nthawi ya ukwati, mpaka lero timangomva kuti ibwera. Sindingalembe m'kalata kuti gulu lili ndi chipangizo chimene chili m'nyumba ya munthu. Chimodzimodzinso akaunti ya ku banki: mmodzi wa osayinira anasamukira ku Moatize kalekale ndipo sitinasinthe dzina. Bungwe lothandiza lidzafuna chikalata chosonyeza kuti gulu ndi lovomerezeka motsatira lamulo la mabungwe la 1991, nambala ya msonkho ya NUIT ya gulu, ndi akaunti ya dzina la gulu. Ndalama sizidzatumizidwa pa foni ya munthu ngati mmene tinachitira ulendo wina uja, umene lipoti lake sitinalionebe.

Nthawi nayo siili mbali yathu. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala, choncho katuni iyenera kukhala itatha mu Okutobala, ndipo mabungwe amatenga miyezi asanayankhe. Ndikupempha a Mpando kuti pa msonkhano ukubwerawu tivote pa nkhani ya gawo limodzi kapena magawo 6, tisankhe anthu awiri opita ku ofesi ya zaumoyo, ndipo a Mlembi alembere banki za osayinira. Kalata yokonzedwayo ndaisiya kwa a Mlembi, koma ikufunika munthu wodziwa bwino Chipwitikizi aiwerengenso isanapite.