Lipoti la msonkhano wa chitetezo cha netiweki yoyendetsa makina

Bwana mkulu wa siteshoni, akapitawo a mashifiti, ndi anzanga nonse a ku mapampu ndi ku magetsi,

Ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Msonkhano unali wa masiku atatu, ndipo munali anzathu a zamadzi, a zamagetsi, ndi ena a ku mafakitale a shuga ndi tiyi. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a zachuma. Pano ndikufotokoza zomwe ndakaona, komanso zomwe ndapeza pa siteshoni yathu ino nditazungulira Loweruka ndi maso atsopano.

Tsiku loyamba aphunzitsi anaika patebulo PLC yaing'ono, kakompyuta kolamulira makina, atailumikiza ku babu lofiira lomwe anati tiziliyesa pampu. Anaitana bambo wina wa ku fakitale ya tiyi, nam'patsa chingwe cha netiweki kuti alowetse mu laputopu yake. Bamboyo anatsegula kapulogalamu kaulere ka Modbus, chilankhulo chomwe makina amatumizirana malamulo, analemba adiresi ya PLC ija, nasintha 0 kukhala 1. Babu linayaka. Palibe pomwe anafunsidwa dzina kapena pasiwedi. Tinaseka, koma aphunzitsi anatifunsa kuti ndi angati mwa ife amene mapampu awo amayendera Modbus, ndipo manja anakwera pafupifupi chipinda chonse. Langa linakweranso.

Modbus inapangidwa mu 1979, nthawi yomwe chingwe chinkangochoka pa makina kupita pa makina mkati mwa mpanda umodzi. Pa netiweki imadutsa pa khomo nambala 502, ndipo sidziwa kufunsa kuti wolamulayu ndani. Aliyense amene wafika pa chingwe, PLC imamumvera ngati mmene imamvera kompyuta yathu ya SCADA, yoyang'anirira ndi kulamulira mapampu. Choncho nkhani zonse zinayi zomwe tinakambirana, ya mapasiwedi, ya fayawolo, ya maflashi ndi ya kulowa uli kutali, zimayankha funso limodzi: ndani angafike pa chingwe chathu, ndipo adzera kuti?

Ya mapasiwedi ndiifupikitsa, chifukwa manyazi ake tonse tikuwadziwa. Mu Novembala 2023 anthu ena analowa mu makina a siteshoni yopopa madzi ku Aliquippa, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Makinawo anali a Unitronics, ooneka pa intaneti, ndipo akuluakulu a zachitetezo kumeneko anachenjeza eni makina otere kuti asinthe pasiwedi yomwe amabwera nayo kuchokera ku fakitale, yomwe ndi 1111. Ogwira ntchito anachita kuyendetsa siteshoniyo pamanja. Ifeyo yathu si 1111, koma inalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa kiyibodi, ndipo ndi imodzi mashifiti onse atatu. Anzathu awiri amene anasiya ntchito chaka chatha akuidziwabe.

Apa panabuka mkangano wabwino. Mayi wina wa zamagetsi anati malamulo a mu ofesi, oti sikirini izidzitseka pakapita mphindi zisanu kapena kuti ukalakwitsa katatu ikutsekere kunja, ndi oopsa m'chipinda choyang'anira makina: alamu ikulira, thanki ikusefukira, iwe uli kalikiliki kukumbukira pasiwedi. Ndinagwirizana nawo, ndipo aphunzitsi sanatsutse. Tinamanga mfundo yoti kuona masikirini ndi kuimitsa pampu kukhale kotsegula nthawi zonse, koma kusintha mlingo wa kolorini, malire a alamu kapena pulogalamu ya PLC kuzifuna dzina la munthu payekha. Pasiwedi ikhale yaitali koma yosavuta, mawu anayi kapena asanu osagwirizana, osati dzina la siteshoni ndi chaka. Ya mwini wake wa zonse ilembedwe, iikidwe mu envulopu yomata, ikhale mu sefa ya bwana.

Fayawolo ndi mlonda wa pachipata cha pakati pa netiweki ya mu ofesi ndi ya makina. Tili nayo, inagulidwa ndi ndalama zambiri, koma mlonda amachita zomwe wauzidwa. Anatiphunzitsa kayesedwe kosavuta: khalani pa kompyuta ya mu ofesi, tsegulani PowerShell, mulembe adiresi ya PLC motere (adiresi iyi ndi yachitsanzo chabe):

```
Test-NetConnection 10.10.30.11 -Port 502
```

Ikayankha `TcpTestSucceeded : True`, ndiye kuti kompyuta imeneyo ingathe kulamula pampu. Ndinayesa Loweruka, bwana atandiloleza, pa kompyuta ya kwa alembi, ija imene timatsegulirapo maimelo ndi kusindikizirapo makalata a tchuthi. Inayankha True. Titayang'ana mu fayawolo tinapeza lamulo lolola chilichonse kupita kulikonse, lomwe mwachionekere linaikidwa pa nthawi yoyesa makina, osachotsedwanso. Zofunika ndi zosiyana ndi zimenezo: kompyuta ya SCADA yokha ndiyo iloledwe kulankhula ndi ma PLC pa khomo 502, china chilichonse chikanidwe ndipo chilembedwe mu kaundula. Malipoti a mwezi amene a mu ofesi amafuna aziwatenga pa kompyuta ina yapakati, yomwe SCADA izitumizirako manambala. Chenjezo limodzi: musayendetse mapulogalamu ofufuza makomo onse, monga nmap, pa netiweki ya makina mapampu akuyenda. Ma PLC akale ena amakomoka nawo.

Wina angati, bwanji osangodula chingwe chonse? Yankho lake ndi Stuxnet, kachilombo komwe kanadziwika mu 2010. Kanapangidwira fakitale ya yureniyamu ya ku Natanz ku Iran, ndipo imodzi mwa njira zake zofalikira inali flashi. Munthu sankafunika kutsegula fayilo iliyonse. Kungoonetsa zomwe zili mu flashimo pa Windows kunali kokwanira. Kakafika pa kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya Siemens yolembera ma PLC, kankasintha liwiro la makina uku oyang'anira osaona cholakwika. Ife sitiyenga yureniyamu, ndipo palibe boma lomwe lingatikonzere kachilombo kathukathu. Chotiopsa ndi kachilombo wamba ka mu flashi yomwe yadutsa pojambulitsa mapepala kumsika ndi pokopetsa nyimbo. Kompyuta yathu ya SCADA ikadali pa Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuikonza mu Januwale 2020. Kachilombo kotseka mafayilo kakaigwira, tidzayendetsa siteshoni ndi tochi ndi wailesi ya m'manja mpaka itakonzedwa.

Ndikupempha maflashi awiri a siteshoni, olembedwa nambala, osatuluka pageti, ndi kompyuta imodzi yakale yosalumikizidwa ku makina, yopimirapo fayilo iliyonse yochokera kunja. Mabowo a USB otsala atsekedwe. Ndipo anzanga a shifiti ya usiku, foni imene mumatchaja pa kompyuta ya SCADA nayonso ndi flashi. Sindikuloza chala, inenso ndatchajapo. Tigule adaputala ya pakhoma, nkhani ithe.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa tulo. Pa 23 Disembala 2015, makasitomala pafupifupi 225,000 a makampani a magetsi ku Ukraine anakhala mumdima kwa maola angapo, anthu ena atalowa mu makina a makampaniwo. Olowawo anayamba miyezi ingapo m'mbuyo ndi maimelo achinyengo ku ofesi, anaba maina ndi mapasiwedi a ogwira ntchito, kenako analowa ku netiweki ya makina kudzera pa VPN, khomo lolowera uli kutali, ya makampani omwewo. Oyang'anira ankaona kamuvi ka mausi kakuyenda kokha pa sikirini, kakutsegula mabuleka limodzilimodzi, magetsi n'kumazima. Magetsi anabwerera chifukwa amisiri anathamanga ndi magalimoto kukatseka mabulekawo pamanja. Mu Meyi 2021 kampani ya mapaipi a mafuta ya Colonial Pipeline ku America inaimitsa ntchito masiku angapo anthu ena atalowa mu makompyuta ake, ndipo polowera pawo panali akaunti yakale ya VPN yomwe inkangofuna pasiwedi yokha.

Aphunzitsi anatipatsa ntchito yakunyumba: tsegulani bokosi lililonse la magetsi, muyang'ane kamlongoti. Loweruka ndinatsegula onse. M'bokosi la pampu nambala 3, kuseri kwa mawaya, muli karauta ka 4G kokhala ndi simukhadi, magetsi ake obiriwira akuphethira, chingwe chake chalowa mu switchi yomweyo ya ma PLC. Pa mapu athu a netiweki kulibe. Wayifayi yake inali yoyaka, foni yanga inaiona ndili panja pa mpanda, ndipo tsamba lake loyendetsera linatseguka ndi `admin` ndi `admin`. Pa kompyuta ya SCADA ndinapezaponso AnyDesk, yotcheredwa kuti munthu wakunja azilowa popanda wina kuvomereza. Zonsezi anaika amisiri a kontirakitala pomwe ankamanga, kuti asamayende mtunda wonsewu pa kavuto kakang'ono. Cholinga chinali chabwino, ndipo katatu konse anatipulumutsa usiku. Koma sitidziwa kuti pasiwediyo ili ndi anthu angati kwawoko, kapena ngati onsewo akugwirabe ntchito kumeneko.

Chomwe ndinali ndisanachimvetse ndi ichi: ngakhale titakonza fayawolo bwanji, karauta kaja sikadutsa pa iyo. Ndi chibowo cha kuseri kwa mpanda pomwe mlonda ali kuchipata. AnyDesk nayo imachita kuimba yokha kuchokera mkati kupita kunja, choncho fayawolo yoletsa zolowa zokha, yolola zotuluka zonse, siiletsa.

Njira yomwe tinaphunzira ndi iyi. Khomo lolowera kutali likhale limodzi, la VPN, lothera pa fayawolo. Mmisiri aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo kuwonjezera pa pasiwedi azilemba nambala yosinthasintha yochokera pa foni yake. Akalowa asafike pa PLC mwachindunji, afikire pa kompyuta yapakati yomwe ili ndi mapulogalamu ofunika ndipo imasunga mbiri ya zomwe wachita. Khomolo lizikhala lotseka. Akafuna kulowa aziimba foni, kapitawo wa shifiti atsegule, alembe m'buku dzina, nthawi ndi chifukwa, wina akhale pa sikirini kuonerera, akamaliza atseke. Ntchito isanayambe tizikopera pulogalamu ya PLC ndi kuisunga posalumikizidwa ku netiweki. Ndafufuza, ndipo kope lokhalo la pulogalamu ya mapampu athu lili mu laputopu ya kontirakitala.

Izi zili ndi mtengo wake. Pampu ikavuta 2 koloko usiku, thandizo lizichedwa ndi mphindi khumi kapena makumi awiri, ndipo kapitawo aliyense ayenera kuphunzira kutsegula khomolo. A ku fakitale ya shuga anatiuza kuti kwawo, m'nyengo yogaya nzimbe, anthu ankalisiya lotsegula sabata yathunthu chifukwa chotopa nalo, mpaka analitchera kuti lizidzitseka lokha pakatha maola anayi. Ndikuganiza titengere zomwezo.

Karauta kaja sindinakazule. Ndinangosintha pasiwedi yake ndi kuzimitsa wayifayi, bwana akudziwa, chifukwa sindikutsimikiza ngati uthenga wa mlingo wa thanki ya kuphiri sudutsa pomwepo. Kukazula mwaphuma tikhoza kudzidzimuka madzi akusefukira m'mudzi. Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Lachinayi tiitane kontirakitala abwere ndi mapu awo a mawaya, mndandanda wa anthu awo omwe ali ndi mapasiwedi athu, ndi kope la pulogalamu ya PLC iliyonse. Lamulo lija la mu fayawolo tilisinthe Lamlungu m'mawa matanki atadzaza, munthu mmodzi ataima pa mapampu kuti china chikaduka ayendetse pamanja.

Ndine wanu,
Mmisiri wa zamagetsi ndi zoyezera, shifiti B