Kalata kwa Akhristu Onse: Za Kukanena Nkhani kwa Bwana

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu. Ambiri a inu muli pa ntchito zolembedwa, ndipo funso limene ndalimva kawirikawiri ndi ili: mnzanga akundigwiritsa fuwa lamoto, ndalankhula naye koma sizikusintha, kodi ndikakauza bwana sindikhala kazitape?

Yankho langa ndi lakuti kunena kwa bwana si tchimo. Chimene chimasandutsa nkhani kukhala miseche ndi chakuti mnzakoyo aimve koyamba kuchokera pakamwa pa bwana. Uzani mnzanuyo kuti mukupita, musanapite.

Titenge chitsanzo cha kusukulu. Mphunzitsi wa kalasi ya Fomu 2 sangamalize malipoti a ana chifukwa wa masamu sanapereke malikisi, pamene sukulu ikutseka Lachisanu sabata yamawa. Choyamba ndi chija Ambuye adatiphunzitsa pa Mateyu 18:15, kupita kwa mbale wako muli awiriwiri. Osati mu sitafu rumu anthu akumwa tiyi, osatinso pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi. Ndipo mufunse musanaweruze. Mwina mapepala ena adasowa, mwina mwana wake ali m'chipatala. Musasiyane pa mawu akuti "ndiyesetsa", chifukwa amenewo alibe tsiku. Gwirizanani kuti malikisi afika Lachiwiri masana, kenako mutumizireni uthenga waufupi wokumbutsa zimene mwapangana. Uthengawo udzathandiza nonse awiri nkhani ikadzakula, wina asadzati sitinatero.

Lachiwiri ladutsa, malikisi kulibe. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Ena amangokhala chete uku mtima ukuwira, ena amalowa mu ofesi ya ahedi mwakachetechete. Inu bwererani kwa mnzanuyo mukanene mosabisa: "Aphunzitsi, tinapangana za Lachiwiri ndipo sizinatheke. Ine pandekha sindingathenso kukonza zimenezi. Mawa m'mawa ndikaonana ndi mkulu wa dipatimenti yathu kuti atithandize. Ndingakonde tipitire limodzi." Simukupempha chilolezo ayi, ndipo musanene ngati chiopsezo. Mukungomudziwitsa. Nthawi zambiri malikisi amafika madzulo omwewo. Akapanda kufika, pitanidi pa nthawi imene munanena, chifukwa mukabwerera m'mbuyo mawu anu sadzalemeranso. Akakana kupita nanu, pitani nokha, ndipo potuluka mukamuuze zimene zakambidwa.

Onaninso kumene mukupita. Nkhani ya malikisi ndi ya mkulu wa dipatimenti, ikakanika ndiye ya achiwiri kwa ahedi. Mukadumpha onsewo, mwalakwira anthu awiri, mnzanu uja ndi mkulu amene mwamulambalala.

Mukafika kwa bwana, gwirani lilime. Nenani zimene zachitika ndi masiku ake: malipoti akufunika Lachisanu, malikisi a masamu sanafike, tinakambirana tsiku lakuti, mnzanga akudziwa kuti ndabwera kuno. Kenako nenani chimene mukupempha, kaya ndi munthu wothandiza kuchonga, kaya ndi kusuntha tsiku. Zakuti mnzanuyo ndi waulesi, amamwa mowa, chaka chathanso anatero, zisiyeni pakhomo. Ngati anakupatsani chifukwa chomveka, chitchuleni mwachilungamo, pokhapokha ngati ndi zachinsinsi za m'banja mwake. Muyeso wake ndi wosavuta: mawu amene simungawanene iye atakhala pampando wapambali, musawanene.

Mukumbukire mmene Paulo adachitira ndi mpingo wa ku Korinto. Pa 1 Akorinto 1:11 sadabise kumene adamva za mikangano yawo, adatchula a m'banja la Kloe. Ndimaganiza kuti anthu amenewo adali olimba mtima, popeza dzina la banja lawo lidawerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Ife timakonda kuuza bwana kuti "koma musanene kuti ndanena ndine." Pa nkhani ngati ya malikisi, mukamva mawu amenewo akufuna kutuluka pakamwa panu, dzifunseni ngati mukufuna malipoti kapena mukufuna mnzanu anyozeke.

Koma ndisakusokeretseni. Pali nkhani zimene simuyamba ndi kuchenjeza wolakwayo. Mphunzitsi akamachita zachisembwere ndi mwana wa sukulu, wina akamaba ndalama za mayeso, kapena moyo wa munthu ukakhala pa chiswe, pitani kwa akuluakulu tsiku lomwelo. Kumuuza iyeyo choyamba kungampatse mpata woopseza mwanayo kapena kuwononga umboni. Pamenepo kupempha kuti dzina lanu libisike n'koyenera, ndipo ngati wolakwayo ndi bwana wanu yemweyo, kumudumpha si mwano.

Amene muli ndi nkhani yotere ndipo ikukusowetsani tulo, bwerani ku ofesi ya mpingo kapena onanani ndi mkulu wa mpingo wa kudera lanu, tiikambirane ndi kuipempherera musanapite kwa bwana.

Chisomo cha Ambuye Yesu chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu