Lipoti la msonkhano wa mafunso a magawo atatu pa nthano

A mphunzitsi wamkulu ndi aphunzitsi anzanga nonse,

Ndabwerako kumene munandituma kuja, ku msonkhano wokambirana za mafunso oyesera ngati mwana wa zaka 8 wamvetsa nthano yomwe wawerenga. Za malonje ndi mawu otsegulira ndizidumpha. Chachikulu chomwe ndabwera nacho n'chakuti kuvuta kwa funso sikuli m'mawu omwe tafunsira, koma pamene yankho lake lagona.

Anatipatsa nthano ya Kalulu ndi chitsime, ya ndime zinayi. Mitsinje itaphwa, nyama zinakumba chitsime masiku atatu, Kalulu n'kukana kukumba nawo. Zinamuletsa kumwa, iye n'kumabwera usiku. Fisi ali paulonda ananyengedwa ndi uchi mpaka kumangidwa. Potsiriza Fulu anapaka ulimbo pachigoba n'kukhala phee m'mphepete mwa madzi, Kalulu anapondapo ndipo mwendo unakanirira.

Gawo loyamba ndi la mafunso omwe yankho lake mwana angaliloze ndi chala, monga lakuti "Nyama zinakumba masiku angati?" Apa sitinachedwepo, kupatula chenjezo limodzi. Nthano zotchuka ana amakhala atazimva kale, moti mukafunsa kuti "Ndani anagwira Kalulu?" kalasi lonse lifuula kuti Fulu, ngakhale amene sanatsegule n'komwe buku. Choncho tizifunsa zomwe zili m'nthano yolembedwayi yokha, ngati za masiku atatu zija. Njira yoyesera ndi yapafupi: funsani mwana amene sanawerenge. Akakhoza, funsolo litayeni.

Gawo lachiwiri ndiye linatidyera nthawi, ndipo gulu lathu ndi lomwe linapunthwa poyamba. Tinalemba kuti "N'chifukwa chiyani nyama zinakumba chitsime?" tili ndi chikhulupiriro chonse kuti funso lililonse la "chifukwa chiyani" ndi lovutirapo. Otsogolera zokambirana sanatitsutse. Anangoti, "Aphunzitsi, tandilozereni yankho." Mnzathu wina anaika chala pa chiganizo choyamba penipeni, pomwe panalembedwa kuti zinakumba chifukwa mitsinje inaphwa. Tinangoseka tokha. Linali la gawo loyamba, longovala malaya a gawo lachiwiri.

Tinalikonza kukhala lakuti "N'chifukwa chiyani Kalulu ankabwera usiku?" Palibe mzere womwe ukunena zimenezi. Mwana ayenera kutola mfundo ziwiri, yakuti Kalulu anakana kukumba ndi yakuti anamuletsa kumwa, n'kuzilumikiza yekha kuti ankaopa kuonedwa. Lina lomwe ndinalikonda ndi lakuti "Kalulu ankaganiza kuti akuponda chiyani?" Mawu akuti mwala mulibe m'nthanomo, koma mwana woganizira za chigoba cholimba chili duu pafupi ndi madzi awapeza. Wosamvetsa mumudziwira apa: amasaka mawu ofanana ndi a m'funso n'kukopera chiganizo chonse, monga "Kalulu anapondapo ndipo mwendo unakanirira." Kuwerenga wawerenga ndithu, koma kulumikiza sanayambe. Ameneyu si wongomudula malikisi n'kupita. Mufunseni kuti, "Nanga akanadziwa kuti ndi Fulu, akanaponda?"

Gawo lachitatu ndi lomwe mwana amaweruza yekha. Pano ndinene zakukhosi: funso lathu lija lomwe timalikonda, lakuti "Tikuphunzirapo chiyani m'nthanoyi?", silitithandiza kwenikweni. Ana analiloweza kalekale, amangoyankha kuti "tisamabe" kapena "tisamachite ulesi" asanaganize. M'malo mwake tinayesa lakuti "Kodi nyama zinachita bwino kumumana madzi Kalulu? Fotokoza." Wina anganene kuti inde, poti anzake anatopa masiku atatu iye atakhala. Wina angakane, n'kunena kuti kunalibe madzi kwina ndipo akanafa ndi ludzu. Onse awiri akhoza, chifukwa chomwe tikuchonga si inde kapena ayi, koma mfundo yochokera m'nthano yomwe yachirikiza yankholo. Wongoti "inde, chifukwa Kalulu ndi woipa" wafika theka.

Panali kusiyana maganizo pa nkhani yolemba. Ena ankati mayankho onse azilembedwa kuti tikhale ndi umboni. Ine ndinali mbali ya omwe ankati la gawo lachitatu liziyamba layankhidwa pakamwa, awiriawiri. Mwana wa zaka 8 amatha kufotokoza bwino ndi pakamwa, koma mukamupatsa pensulo amalemba mawu atatu n'kutopa, ndiye timapezeka tayesa dzanja m'malo mwa mutu.

Tinagwirizana kuti pa nthano yaifupi chonchi mafunso asanu ndi limodzi akwana: atatu a gawo loyamba, awiri a lachiwiri, limodzi la lachitatu. Ana onse ayese magawo onse, osati kusungira anzeru okha gawo lomaliza. Ndikupempha kuti tikadzakumananso aliyense adzabwere ndi nthano imodzi ndi mafunso ake, tidzasinthane mapepala, mnzathu adzayese kuloza mayankho ndi chala.