Kalata kwa achemwali: za mnzanga wa nthabwala uja

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti kwayamba kuzizira.

Paja ndinakudandaulirani za mnzanga amene ndimakhala naye chipinda chimodzi, inu n'kunena kuti ndingomusiya, ndi mmene alili. Ndinayesa, achemwali, miyezi 4 yathunthu. Zinakanika.

Nthabwala yake inali imodzimodzi. Ndikaimbira alamu anu foni osayankhidwa, iye amati, "Asiye, ali ndi mlendo." Lamlungu tikakumana ndi anzathu amawonjezera: "Pofika ubwerere upeza ana akuitana wina kuti mayi." Anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo. Apa ndiye panali kulakwa kwanga, chifukwa kuseka kwangako kumamuuza kuti palibe vuto. Koma usiku tulo osabwera. Ndimaimbanso foni katatu, kanayi, ndipo bambo a anawo akayankha ndimawayamba ndi mafunso ngati wapolisi, munthu wosalakwa.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinamuyankha pagulu pomwepo, mtima uli m'mwamba: "Nanga iwe wako ali kuti?" Mukudziwa kuti lake banja linatha. Onse anangoti zii. Tinatha masiku awiri osalankhulana, ndipo nkhani inasanduka ya ukali wanga, za nthabwala zija palibe anazikumbukanso. Ndinapepesa ndine.

Kachiwiri ndinadikira. Ndinasankha tsiku loti sananene kalikonse, tikuchokera kuntchito, tili awiriwiri panjira. Poyenda zimaphweka, simuyang'anana m'maso. Ndinati, "Pali kanthu ndikufuna ndikupemphe, chifukwa ndiwe mnzanga. Lamlungu lija unati ndikapeza ana akuitana wina kuti mayi. Ndinaseka, koma usiku sindinagone, mpaka ndinakangana ndi amuna anga. Za banja langa usamachite nazo nthabwala, kaya pagulu kaya tili awiri."

Mawu amenewa ndinachita kuwakonza masiku atatu. Ndinatchula nthabwala imodzi ndi tsiku lake, chifukwa ndikanati "umandinyoza nthawi zonse" akanayamba kuwerenga masiku amene sanandinyoze, n'kukhala mlandu. Sindinamunene kuti ndi wansanje, ngakhale mumtima ndinaganizapo choncho. Ndinamuuzanso kuti zina zonse apitirize: za mkonono wanga, za mmene ndimasokonezera chilankhulo cha kuno, aseke mmene angathere. Ndimafuna adziwe malire enieni, asayambe kundiopa pa chilichonse.

Yankho lake ndimaliyembekezera: "Aa, iwenso, ndimangocheza." Sindinatsutse. Ndinati, "Ndikudziwa kuti umangocheza. Koma ine zimandipweteka, ndiye ndikupempha usiye." Kenako ndinatseka pakamwa.

Pamenepo ndiye panali povuta kuposa ponse. Tinayenda mwina mphindi 5 popanda wolankhula, ine lilime likuyabwa kuti ndinene kuti "basi iwala, si nkhani yaikulu." Ndikanatero ndikanafafaniza zonse ndi pakamwa panga pomwe. Tili pafupi kufika anangoti, "Sindimadziwa." Sanapepese bwinobwino ayi, ndipo sindinamukakamize.

Patatha milungu iwiri anayambiranso. Foni yanga inaitana mpaka kuduka, iye n'kuyamba, "Asiye, ali ndi..." Sindinaseke, sindinakalipe. Ndinangomuyang'ana n'kunena kuti, "Paja tinagwirizana." Anagwira pakamwa, nasintha nkhani. Anzathu awiri amene analipo sanazindikire n'komwe.

Apa m'pamene ndinadziwira kuti anamva. Woiwala amaima ukamukumbutsa, chifukwa chizolowezi cha pakamwa sichitha tsiku limodzi. Chimene ndimaopa n'chakuti atenge pempho langalo alisandutse nthabwala yatsopano, azinena pagulu kuti "samalani, uyu sachedwa kulira." Akanatero, ndinali nditatsimikiza kale: kusiya kumuuza za kunyumba kwanga, ndipo mwezi ukatha kufunafuna chipinda china, ngakhale lendi ya ndekha ndi yowawa.

Kunena zoona, kucheza kwathu kunazirala pang'ono masiku oyamba, amalankhula mosamala ngati ndine mlendo. Tsopano zabwerera. Dzulo wandiseka za mkonono mpaka misozi, akuti oyandikana nafe akuganiza kuti tagula jenereta.

Alamu anu musawauze zimenezi, ndidzawafotokozera ndekha chifukwa chimene ndimawavutitsira usiku. Ndili nawo ngongole ya kupepesa. Mayi muwapatse moni, muwauze kuti mwendo uja apite nawo kuchipatala, asadikire kuti utupe. Ana muwauze andijambulire mawu pafoni Loweruka, ndawasowa.

Ndine mng'ono wanu.