Kwa inu okonza mafoni: foni yanga ikuthimabe yokha, ndipo nayi njira yoti muione ikuthima

Achimwene, ndalemba poyera chifukwa mauthenga anga mukungowerenga osayankha, ndipo ndikafika ku shopu yankho limakhala lomwe lija: "Onani, ikuyaka bwinobwino." Inde imayaka. Ine sindinanenepo kuti siyaka. Ndinati imathima yokha nthawi zina, ndipo ndalipira kale ntchito ziwiri zomwe sizinakhudze vutolo. Poyamba munasintha polowetsera chaja. Kenako munaifulasha, zithunzi zanga n'kupita nazo chifukwa simunandichenjeze kuti ndiyambe ndazisunga pena. Foni ikuthimabe ngati kale.

Paja munati simungakonze chimene simunachione. Pamenepo ndikugwirizana nanu. Koma nthawi zonse mumaiyesa ili pa chaja kapena itadzaza, mutaigoneka pa tebulo osaigwiritsa ntchito, ndipo ikakhala choncho singathime ngakhale mutaiyang'anira tsiku lonse. Ndiye werengani izi modekha.

Imathima batire ikatsika kufika cha m'ma 40 peresenti kapena kutsikirapo, ine n'kuipatsa ntchito yolemera. Ndikatsegula kamera n'kuyamba kujambula vidiyo, makamaka nditayatsanso tochi, sipatenga nthawi, sikirini imangoti bii. Siyamba yauma, silemba chenjezo lililonse, sionetsa ngakhale chizindikiro chija chimabwera munthu akaithimitsa yekha. Imangoduka ngati mwazula batire. Ndikangowerenga mauthenga kapena kumvera wailesi imapirira mpaka kutsika kwambiri. Ndikaiyatsanso, nambala ya batire imakhala itagwa, foni yomwe inali pa 38 n'kudzuka ili pa 5. Ndikaibaya pa chaja, mphindi zochepa yabwerera m'ma 30. Chaja yangayi singathire moto wochuluka chonchi m'kanthawi kotere, ndiye kuti nambalayo ndi imene ikunama.

Ili pa chaja kapena pa pawabanki sinathimepo, ngakhale ndijambule vidiyo yaitali bwanji. Mfundo imeneyi ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe, ndipo ikanayenera kukuletsani kusintha polowetsera chaja, chifukwa moto ukulowa bwinobwino. Vuto limabwera foni ikatsala yokha ndi batire yake.

Kuzizira nakonso kumaonjeza. M'mamawa mu Juni muja inkathima msanga kuposa masana, nthawi zina isanafike n'komwe pa 40. Ndipo ndikapita kumudzi ku Dedza, kuseri kwa phiri kumene netiweki imagwira kamzere kamodzi, imathima ndikangoimba foni, mnzanga asanayankhe n'komwe. M'tauni kuimba sikuivuta kwenikweni. Inu mukudziwa kuti foni ikakhala kutali ndi nsanja imadzikoka kuti imveke, ndipo pa 2G imatha kukoka pafupifupi ma ampu 2 m'kamphindi. Batire yokalamba ikakokedwa chonchi mphamvu yake imagwa mwadzidzidzi, foni n'kuona ngati yatha, n'kudzithimitsa. Katundu akachoka mphamvu ija imakweranso. N'chifukwa chake mutaigwiritsa mita yanu ija n'kupeza mavoti 3.8 munati batire ndi yabwino. Batire yotopa imawerenga bwino ikakhala chete. Muyenera kuiyeza ikugwira ntchito.

Kuti musavutike ndi zimene ndayesa kale: ndinaiyatsa mu Safe mode, mmene mapulogalamu oika ndekha sagwira ntchito, n'kutsegula kamera batire ili yotsika. Inathima. Itafulashidwa, ndisanaikemo chilichonse, inathimanso. Ndinachotsa memore khadi, ndinayesa simu khadi ya kampani ina, palibe chinasintha. Batani loyatsira silinamire, likudina bwino, ndipo likanakhala ilo bwenzi foni ikuthimanso ili pa chaja. Madzi sinalowepo. Simatentha modabwitsa isanathime, imangofunda monga foni iliyonse ikamajambula.

Pali zinthu ziwiri zimene sindikufuna kubisa, ngakhale chimodzi chikusokoneza nkhani yanga ya batire yokalamba. Chaka chatha foniyi inagwa kuchoka pa tebulo n'kumenya simenti ndi ngodya ya m'munsi. Sikirini sinasweke ndipo inapitiriza kugwira ntchito miyezi ingapo vutoli lisanayambe. Komanso tsiku lina inathima ili m'thumba la buluku, ndili mu minibasi pa msewu wa mabampu, batire ili cha m'ma 70, ndisakuigwiritsa ntchito. Zimenezi sizinachitikenso, ndipo ndikaigogoda ndi chala kumsana kapena kuigwedeza sithima. Komabe mukatsegula, muone kachingwe kolumikiza batire ku bodi ngati kakhala bwino m'malo mwake, poti munachita kukamasula posintha polowetsera chaja paja. Mwina mavuto ndi awiri.

Chachiwiri ndachiona posachedwa: chivundikiro cha kumsana chayamba kutukuka mbali ya kumanzere, moti chikhadabo chikulowa pa mpata. Ndikaigoneka pa galasi la tebulo n'kuikankha pa ngodya imazungulira, pamene kale inkakhala phee. Ngati si guluu wanu amene wamatuka, ndiye kuti batire yafufuma, ndipo imeneyo si yoseweretsa. Ndasiya kuitchaja usiku ndikugona, ndipo ndikupempha kuti poichotsa musaiboole kapena kuipinda.

Tsono chimene ndikufuna si chovuta. Ndibwera nayo Loweruka m'mawa ili pa 40 peresenti, ndipo chonde mnyamata wanu asailandire n'kuthamangira nayo pa chaja monga amachitira. Titsegule kamera limodzi, tiyatse tochi, tijambule vidiyo, muione ikuthima ndi maso anu. Mukatero muchotse batire, mulumikize foniyo ku pawa sapulayi yanu ya pa tebulo ija pa mavoti oyenera batire yake, mubwereze zomwezo. Ikapirira osathima, mlandu ndi wa batire kapena kachingwe kake, ndipo tagwira wakuba. Ikathimabe ili pa makina anuwo, ndiye kuti vuto lili pa bodi, mwina chitsulo chomatira chinang'aluka pansi pa kachipangizo kogawa magetsi itagwa paja. Zikakhala choncho mundiuze mtengo musanayandikize chowotchera chanu, chifukwa ntchito ya pa bodi imatha kupha foni, ndipo ndifuna kusankha ndekha ngati ndi yoyenera kuiwonongera ndalama.

Ikakhala batire, ndione yatsopanoyo isanalowe. Nambala yolembedwa pa iyo ifanane ndi ya yakaleyo, isakhale yozula m'foni ya munthu wina, ndipo yakaleyo mundionetse. Mundilemberenso lisiti yonena chimene mwasintha ndi masiku amene ndingabwerere nayo ikayambiranso. Pa ntchito ziwiri zija simunandipatse kapepala kalikonse, ndipo polowetsera chaja pakale mpaka lero sindinapaone.

Za ndalama, batire ndigula, imeneyo ndi yanga. Koma ya ntchito sindilipiranso kachitatu pa vuto limodzi lomwe ndinalifotokoza kuyambira pachiyambi, ndipo ya polowetsera chaja pamene panalibe vuto paja tikambirane kuti ichotsedwe pa mtengo wa batire. Sindikufuna kuti tifike ku bungwe loona za ufulu wa ogula pa nkhani ya foni imodzi. Ndiyankheni pompano ngati Loweruka mudzakhalepo inuyo eni ake, chifukwa mnyamata uja amangoti abwana atuluka.